Intaviyu ya usupavaiza Lachinayi: ndikayankhe bwanji za anzanga a pa sikelo?

Nabanda wa ku Kamwendo: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni nzeru. Ndagwira zaka 5 ngati kalaliki wa pa sikelo pa depoti yogula soya, mtedza ndi chimanga kuno ku Kamwendo. Supavaiza wathu anawasamutsira ku Kasungu mwezi watha, malo awo analengezedwa, ndinalembera, ndiye dzulo andiimbira foni kuti Lachinayi ndikapezeke ku Lilongwe 9 koloko m'mawa. Za matumba, malisiti ndi makadi a stoko sindikuopa, ndimazichita ndili mtulo. Chikundisowetsa mtendere ndi anthu. Pa depoti tilipo 9 okhazikika, nthawi yogula aganyu amafika 20. Mmodzi mwa 9 amenewa ndi mnzanga wa ponda apa nane mpondepo, tinayamba ntchito tsiku limodzi. Wina ndi bambo wachikulire, akwanitsa zaka 14 pa depotipo, ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga sikelo, ndipo nawonso analembera ndipo awaitana. Akandifunsa kuti anthu amenewa ndidzawatsogolera bwanji, ndikati chiyani?

Gift wa Kabaza: Achemwali musadzivute. Ntchito zimenezi amakhala atapereka kale, intaviyu ndi mwambo chabe. Ingovalani bwino, nsapato zikawale, basi.

Yamikani: Gift nanunso, munthu wafunsa nzeru mukumugwetsa ulesi. A Nabanda, yankho lake ndi losavuta. Mukawauze kuti chinzake chimathera pa geti. Mukalowa m'kati ndinu bwana. Wochedwa mumudule K2,000 pa malipiro, kawiri kokha onse adzawongoka. Mabwana amafuna munthu wolimba mtima, makamaka akakhala wamayi amayamba kumukayikira pamenepo.

Aphunzitsi Naphiri: Iii ine zinandichitikira zimenezi. Anandipatsa uchiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu yomweyo imene ndinaphunzitsapo zaka 8, kufupi ndi Santhe. Sabata yoyamba ndikalowa mu ofesi ya aphunzitsi nkhani zonse zii, wina ayamba kutsegula makope a ana, wina atuluka kukaona thambo. Tiyi ndinkamwa ndekha temu yonse. Ndiye a Nabanda konzekerani mtima, osati mayankho okha.

Nabanda wa ku Kamwendo: Zayamba kale madamu. Chimvereni kuti andiitana, ndikafika pa sikelo akumati "abwana afika, imirirani". Amaseka, koma kusekako ndikukumva.

Bambo Kamanga: Ndawerenga zonse. Ine ndinakhala zaka zambiri mu ofesi yoona za ogwira ntchito ndisanapume, ndipo mpando wa ofunsa ndaukhala kambirimbiri. Ndiyambe ndi mmene zimakhalira mbali inayo ya tebulo, chifukwa anthu amakonzekera ngati akukalakatula ndakatulo. Timakhala atatu kapena asanu, aliyense ali ndi pepala la mafunso omwewo amene tifunse onse oitanidwa, ndipo funso lililonse lili ndi malikisi ake. Pamene inu mukuyankhula ife tikufuna choti tilembe. Munthu akati "ndidzakhala wachilungamo kwa onse, sindidzakondera", cholembera changa sichigwedezeka, chifukwa amene anatuluka inu musanalowe wanenanso zomwezo, ndipo wobwera pambuyo panu adzazinenanso. Chimene chimalembedwa ndi chochita: ndidzaitana uje, pa nthawi yakuti, ndidzanena zakuti, zikakanika ndidzapita kwa uje.

Ndiye tisataye nthawi. Ndikufunsani monga ndikanakufunsirani Lachinayi. Mwapatsidwa udindo. Lolemba m'mawa mwapeza kuti mnzanu wapamtimayo wasainira mnzake m'kaundula kuti wafika 7:30, chonsecho munthuyo wafika 9 koloko. Mutani? Yankhani momwe mungayankhire, musakongoletse.

Nabanda wa ku Kamwendo: Chabwino bambo. Ndingati: ndidzamuitana ndi kumuuza kuti zimene wachita ndi zolakwika, kuti ngakhale ndi mnzanga malamulo ndi malamulo, ndipo ndidzamupatsa chenjezo kuti asadzabwerezenso.

Bambo Kamanga: Pa malikisi 10 ndingakupatseni 4. Si loipa, koma muli mabowo atatu. Loyamba, mwaweruza musanamve. Mwadziwa bwanji kuti anasaina ndi iyeyo? Mwaona kalembedwe, kapena mwangomva kwa mlonda amene mwina anakangana naye dzana? Lachiwiri, anthu olakwa ndi awiri, inu mwagwira mmodzi. Wosainiridwayo mwamusiya kuti? Lachitatu, chenjezo limenelo ndi la mtundu wanji, ndipo mphamvu yolipereka muli nayo? Malo ambiri supavaiza amachenjeza pakamwa n'kulemba m'buku lake, koma kalata ya chenjezo imachokera kwa manijala kapena ku ofesi yoona za ogwira ntchito. Kwanuko zili bwanji?

Nabanda wa ku Kamwendo: Kunena zoona sindikudziwa. Kabuku ka malamulo a pa ntchito anatipatsa tikuyamba, kali m'sutikesi.

Bambo Kamanga: Katulutseni usiku uno. Muwerenge gawo la zilango kawiri. Mukadziwe milandu imene imayamba ndi chenjezo la pakamwa, imene imapita molunjika kwa manijala, ndi amene amasaina kalata iliyonse. Makampani ena kusainirana amakuika m'gulu la chinyengo, osati la kuchedwa, ndipo supavaiza akangomaliza yekha pakamwa amapalamula ndi iyeyo. Oitanidwa ambiri salidziwa gawo limeneli. Mukangonena kuti "malinga ndi malamulo athu a pa ntchito, mlandu wotere umayamba apa", mitu ya ofunsa imadzuka.

Ndipo a Yamikani, za K2,000 zija a Nabanda asakaziyerekeze. Lamulo la za ntchito la 2000, ndime 56, limaletsa olemba ntchito kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango. Chimene limalola ndi kusamulipira nthawi imene wajomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka, kapena kumudula kuti abweze katundu amene wawononga. Zilango zimene limatchula ndi monga chenjezo lolemba, kuimitsidwa ndi kutsitsidwa udindo. Munthu akanena pa intaviyu kuti adzadula anthu ndalama, ine ndimaona kampani ikuitanidwa ku leba ofesi pa Boma.

Yamikani: Koma bambo kwathu kuno pa esiteti akapitawo amadula ndithu, ndipo palibe amene anapitapo ku leba.

Bambo Kamanga: Kusapita ku leba sikusandutsa chinthu kukhala chololedwa. Tsiku limene mmodzi adzapite mudzandikumbuka.

Yamikani: Chabwino, za ndalamazo ndavomera. Koma mfundo yanga ya geti ndikuikanirira. Munthu sungamamwe naye thobwa masana, madzulo n'kumulembera lipoti.

Mai a Tadala: Pepani ndilowererepo, ine ndi namwino, ndinayang'anirapo wodi. Mawu akuti chinzake chimathera pa geti amamveka bwino ku tauni. Ku Kamwendo mudzakumana naye mnzanuyo ku tchalitchi, ku chigayo, pa maliro mudzaphika naye nsima m'chiphika chimodzi. Ofunsanso amadziwa zimenezo, ukanena kuti udzadula chinzake amadziwa kuti ukunama. Ine ndinayankha kuti chinzake sindichithetsa, koma ndidzakhala naye pansi mnzangayo sabata yoyamba, ndi kumuuza poyera zinthu ziwiri: nkhani za mu ofesi sindidzamuuzanso, ndipo asadzandipemphe chinthu chimene sindingapatse ena onse. Ndinatero ndithu nditapatsidwa udindo. Analira, anandinyanyala mwezi, pano timachezanso.

Bambo Kamanga: Limenelo ndi yankho la malikisi 8, mayi. Lili ndi nthawi, lili ndi munthu, lili ndi mawu amene adzanenedwe. A Nabanda, yesaninso funso langa lija.

Nabanda wa ku Kamwendo: Ndayesa kulemba. "Choyamba nditenga kaundula ndi kuona kalembedwe, ndifunsenso mlonda wa pa geti nthawi imene aliyense walowa. Tsiku lomwelo ndiwaitana awiriwo, aliyense payekha, mu ofesi osati pamaso pa alimi ndi aganyu, ndimve mbali yawo. Ngati n'zoona nditsata zimene malamulo athu akunena pa mlandu umenewu, onse awiri mofanana, ndipo ndilemba tsiku ndi zimene tagwirizana. Popeza mmodzi ndi mnzanga ndipo aliyense akudziwa zimenezo, ndidziwitsa a manijala kuti pasadzakhale wonena kuti ndinaphimba. Kenaka kaundula ndidzamusamutsa, azikhala pa tebulo langa ndipo ikakwana 7:45 ndizijambula mzere pansi pa dzina lomaliza."

Bambo Kamanga: Eya, tsopano mwayamba kuyankhula ngati supavaiza. Mzere wa 7:45 umenewo ndi umene ndingakumbukire madzulo tikuphatikiza malikisi, chifukwa mwatseka bowo m'malo mongolanga munthu. Ndipo za kumva mbali yawo musazisiye. Ndime 57 ya lamulo lomwe lija imati munthu asachotsedwe ntchito pa zifukwa za khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Makampani ambiri amagonja ku khothi la za ntchito osati chifukwa wantchitoyo sanalakwe, koma chifukwa sanamumve, ndipo amene amayambitsa vutolo nthawi zambiri ndi supavaiza waphuma amene analibe cholemba chilichonse.

Gift wa Kabaza: Koma inu mukulemba bwino. Ndikadzagula njinga yachiwiri ndidzakulembani ntchito.

Nabanda wa ku Kamwendo: Kkkk Gift. Koma bambo Kamanga pali chimene sindinanene. Kusainirana kumeneku kumachitikadi pa depoti pathu, ndipo inenso mnzangayo anandisainirapo kangapo mwana atadwala, nanenso ndinamusainira. Ndiye tsiku limene ndidzajambule mzere uja adzandiyang'ana bwanji? Ndipo ofunsawo akandifunsa ngati zoterezi zimachitika, ndikaulule?

Yamikani: Ayi ndithu. Mukangoulula ntchito imeneyo mwaitaya, mwinanso ndi imene muli nayoyo.

Aphunzitsi Naphiri: Apa ndi pamene panandivuta ine. Anzako akale amadziwa maliseche ako. Ine ndinkathawa Lachisanu masana kukagula zinthu ku Kasungu, onse ankadziwa. Tsiku limene ndinafunsa mphunzitsi wina chifukwa chochokera msanga anangoti "madamu, Lachisanu lija munasiya liti?" Ndinasowa chonena. Ndikanadziwa ndikanayamba ndine kuzinena pa msonkhano woyamba, kuti zimene tinkachita tonse ndikuzidziwa, nanenso ndinali momwemo, kuyambira lero zatha. Ukanena wekha sakhalanso ndi ndodo yokumenyera.

Bambo Kamanga: Pali malo awiri apa, tisawasakanize. Pamaso pa anzanu, madamu Naphiri anena zoona, yambani ndinu, ndipo muike tsiku loyambira. Osakumba zakale, chifukwa mukakumba mudzadzikwirira nokha. Pamaso pa ofunsa, intaviyu si malo olapira machimo, komanso si malo onenezera anzanu. Musatchule dzina la munthu. Koma musaname. Mwa ofunsawo mudzakhala manijala amene amaidziwa depoti yanu, ndipo ngati akufunsa funso limeneli n'kutheka kuti anamva kale. Mukati "kwathu sizichitika" adzaona kuti mwina ndinu wabodza kapena ndinu wosaona, ndipo zonse ziwiri sizimuyenera supavaiza. Ndikanakhala ine ndikanati: kaundula wathu amakhala pa khonde popanda womuyang'ana, mpata wosainirana ulipo ndipo wagwiritsidwapo ntchito, ndidzautseka motere.

Nabanda wa ku Kamwendo: Nanga akandiloza kuti inuyo munachitapo?

Bambo Kamanga: Akakulozani, vomerani mwachidule n'kupitirira: zinachitikapo mwana atadwala, njira yoyenera inali kuimbira supavaiza, ndi chifukwa chake ndikufuna pakhale njira yoti munthu wa vuto lenileni azidziwitsa msanga m'malo mobisala. Koma kawirikawiri safika pamenepo.

Mai a Tadala: Apa bambo sindikugwirizana nanu kwenikweni. Mwanena nokha kuti malo ena kusainirana amakuwerenga ngati chinyengo. Munthu avomere chinyengo pamaso pa mkulu woona za ogwira ntchito, cholembera chili m'manja? Zimatengera anthu ake. Ena amayamikira chilungamo, ena amasunga.

Bambo Kamanga: Simukunama mayi, ngozi ilipo. Koma taganizirani mbali inayo. Achikulire aja akulowanso m'chipinda chomwecho tsiku lomwelo, ndipo sitikudziwa chimene akanene. Bodza likagwidwa pa intaviyu silikhala ndi mankhwala. A Nabanda awerenge kabuku kaja aone kukula kwa mlanduwo, asankhe okha.

Mwale Mlangizi: Ndangolowa kumene, ndinali ku Mkanda, netiweki kulibe. A Nabanda, zonsezi ndi za mtsogolo, "ndidzachita, ndidzachita". Amafunsanso za kale: tiuzeni nthawi imene munathetsa vuto pa ntchito. Muli nayo nkhani yake? Chifukwa pamenepo ndi pamene mungapose munthu wa zaka 14.

Nabanda wa ku Kamwendo: Ilipo ya chaka chatha, koma sindikudziwa ngati ikukwanira. Tinatumiza thiraki ya soya, matumba 600 a makilogalamu 50, m'mabuku mwathu matani 30. Pa sikelo ya magalimoto ku Kanengo inapezeka yaperewera makilogalamu 420. Nkhani inabwera yakuti aganyu akuba, ena amati alonda. Ine ndinabwerera ku malisiti ogulira ndipo ndinapeza kuti masiku ena a mu Meyi malo olembapo chinyezi anali opanda kanthu. Nditafufuza, masiku amenewo mzere wa alimi unali wautali, ndiye amene anali pa sikelo ankangoluma soya ndi mano n'kunena kuti wauma, kamakina koyezera chinyezi kali m'dirowa. Soya ameneyo anakhala m'nyumba yosungiramo masabata 6, akuuma.

Yamikani: Ndiye ngati chinyezi chinatsika ndi 1 peresenti ndi makilogalamu 300 amenewo, nkhani yatha.

Mwale Mlangizi: Mwayandikira, koma amapitirira pang'ono. Tinene kuti anagulidwa pa 13 n'kutuluka pa 12. Pa makilogalamu 30,000, soya weniweni wopanda madzi ndi 26,100. Ameneyo sasintha. Akafika pa chinyezi cha 12, mugawe 26,100 ndi 0.88, mupeza 29,659. Ndiye madzi okha atenga makilogalamu 341. Otsala pafupifupi 80 ndi amene mungafunefune kwa makoswe, matumba obooka ndi sikelo yosakhazikika bwino pansi. A Nabanda, masamu amenewa muwadziwe pamtima. Wofunsa wa ku stoko akangomva kuti mumasiyanitsa kuuma ndi kuba, wagwa nanu.

Bambo Kamanga: Nkhaniyi ndi yabwino kwambiri, koma mwaisiyira panjira. Mwanena vuto ndi chimene munapeza. Inuyo munachita chiyani ndi anthuwo, ndipo chinasintha n'chiyani? Ndipo amene ankaluma soyayo anali ndani?

Nabanda wa ku Kamwendo: Mmm. Anali achikulire aja.

Aphunzitsi Naphiri: Mayo ine.

Nabanda wa ku Kamwendo: Sindinathamangire kwa supavaiza. Ndinapita kwa iwo kaye titaweruka, ndinawaonetsa malisitiwo, ndinawauza kuti aganyu awiri atsala pang'ono kuchotsedwa pa mlandu wa madzi. Anakwiya poyamba, anati mano awo ayeza soya ine ndisanamalize sukulu. Mawa lake anabwera okha, tinapita limodzi kwa supavaiza. Tinagwirizana kuti lisiti lopanda nambala ya chinyezi lisamalipiridwe, komanso tisanakweze thiraki tiziyezanso thumba limodzi pa matumba 10 alionse. Mathiraki otsatira sanabwerenso ndi dandaulo, ndipo aganyu aja sanachotsedwe.

Bambo Kamanga: Mwana wanga, mwakhala mukufunafuna yankho la momwe mungatsogolere munthu wamkulu kuposa inu, chonsecho munachita kale chaka chatha mulibe udindo uliwonse. Imeneyi ndiye mukanene. Koma tamverani bwino: osatchula dzina, osanena kuti "amene ali panjawo". Muziti "mnzathu wina amene wakhalitsa pa ntchito". Manijala ngati akuidziwa nkhaniyo adzazindikira yekha, ndipo adzaona kuti munali ndi mpata womugwetsa mnzanu koma simunatero. Muikonze kuti ithe m'mphindi ziwiri. Muyese ndi wotchi, chifukwa nkhani imene umaikonda imatalika osadziwa. Ndipo muzinena kuti "ndinachita" pamene munachita inuyo. Ife Amalawi timakonda "tinachita" chifukwa cha ulemu, ndiye wofunsa amasowa kuti malikisi apatse ndani.

Mai a Tadala: Funso la achikulirewo lidzabwera ndithu, mwina motere: amene mwapikisana naye mwamupambana, akukana kukumverani, mutani? Musakanene kuti mudzawasandutsa mlangizi wanu wamkulu. Ambiri amayankha choncho pofuna kuoneka aulemu, kenaka pa depoti pamakhala masupavaiza awiri.

Mwale Mlangizi: Koma kuwapatsa mbali yawo si kulakwa. Munthu wa zaka 14 amadziwa mlimi aliyense kuyambira ku Waliranji mpaka ku Kapiri, amadziwa mavenda amene amathira mchenga pansi pa thumba. Muwapatse ntchito yophunzitsa aganyu atsopano kusankha mtedza wa chuku ndi kusanja matumba. Ulemu wawo ukhalepo.

Mai a Tadala: Ntchito yodziwika malire ake, eya. Koma ndandanda ya ntchito, tchuthi ndi malipoti zikhale za a Nabanda. Ndipo akakana lamulo pagulu, osakangana nawo pamaso pa aganyu. Muwauze kuti tikambirana mu ofesi, ntchito ipitirire. Akabwereza, zilembedwe ngati za wina aliyense.

Gift wa Kabaza: Mukawaponyere mwambi basi. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Mabwana amakonda zimenezo.

Bambo Kamanga: Mwambiwo ndi wabwino Gift, koma pa pepala langa palibe malo ake. Ndinaonapo munthu akuyankha mafunso atatu ndi miyambi itatu, tinasangalala naye, ntchito anapatsidwa wina.

Aphunzitsi Naphiri: Ine funso langa ndi la ndalama. A Nabanda, muli m'chipereganyu ndi anzanuwo? Pali amene muli naye ngongole?

Nabanda wa ku Kamwendo: Chipereganyu tilimo anthu 6, K20,000 mwezi uliwonse, ine ndinalandira kale mu Febuluwale. Ngongole ina ndilibe, koma mnzanga uja ali ndi K35,000 yanga.

Aphunzitsi Naphiri: Mwalandira kale ndiye simungatuluke pano, adzati mwathawa ndi ndalama. Mumalize ulendo uno, wotsatira musalowenso. Ine ndinakhalamo, tsiku lina amene ndinamukaniza chilolezo anachedwetsa dala ndalama mwezi wanga wolandira.

Mai a Tadala: Ine sindinatuluke ndipo sizinandivute. Kutuluka kumaonekanso ngati kudzikweza. Choopsa ndi ngongole ya munthu mmodzi, osati chipereganyu choti aliyense akuona.

Yamikani: Tulukani achemwali. Ndalama ndi udindo siziyendera limodzi.

Nabanda wa ku Kamwendo: Imeneyi ndiiganizira ndikapatsidwa ntchitoyo, pano ndisawerengere anapiye. Bambo Kamanga, pali za malamulo zina zoti ndidziwe? Nthawi yatha.

Bambo Kamanga: Musadzaze mutu. Pa depoti chimene chimayambanitsa supavaiza ndi anzake nthawi yogula ndi ovataimu, ndiye dziwani izi zokha. Sabata ya ntchito ndi maola osapitirira 48. Maola oonjezera pa tsiku la ntchito amalipiridwa kamodzi ndi theka, pa tsiku lopuma kapena la holide kawiri. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku 6 pa sabata, 15 kwa wogwira masiku 5. Chofunika kwambiri kwa inu ndi kagawidwe kake. Ovataimu ndi ndalama, ndipo mukapatsa mnzanu uja Loweruka kawiri motsatizana, ngakhale mwangozi, nkhani idzafika ku Boma inu musanaweruke. Mukawauze ofunsa kuti mudzapachika ndandanda pa khoma, anthu azisinthana mwa dongosolo loti aliyense akuliona. Tsankho limene anthu amaliopa silikhala m'mawu, limakhala pa ovataimu, pa tchuthi cha Khirisimasi, ndi pa amene akutumidwa ku Lilongwe kukalandira alawansi.

Pomaliza adzakufunsani ngati muli ndi funso. Musafunse za malipiro. Funsani kuti pa nkhani za chilango supavaiza amalekezera pati ndipo manijala amayambira pati, kapena kuti m'miyezi itatu yoyamba adzakuyezani ndi chiyani.

Nabanda wa ku Kamwendo: Nanga Chingerezi chikandithawa pakati?

Bambo Kamanga: Pumani, pemphani kuti abwereze funso, palibe amene amachotsa malikisi pa zimenezo. Nkhani ya soya ija muiyeseze mokweza m'Chingerezi katatu, wina akumvetsera.

Gift wa Kabaza: Ndipo musadalire minibasi ya m'mawa wa Lachinayi, imaima pena paliponse kudikira anthu, pa Namitete pokha mutha kukhalapo theka la ola. Kagoneni ku Lilongwe Lachitatu. Imeneyi ndiye ndikuidziwa ine.

Mai a Tadala: Lero Gift wanena zanzeru kkkk.

Nabanda wa ku Kamwendo: Ndabwerako abale. Anali anayi, zinatenga mphindi ngati 35. Funso la mnzanga linabwera, koma osati la kaundula, anati mnzanu walandira mtedza wonyowa kuchokera kwa m'bale wake. Ndinayenda njira yomwe ija, kuona umboni, kumumva payekha, kudziwitsa manijala, kutseka bowo. Nkhani ya soya anaikonda, bambo wina anandifunsa masamu aja ndipo ndinawalemba pa pepala. Za kusainirana sanafunse n'komwe. Koma pali limodzi limene sitinakonzekere. Mayi wina anati, tikapatsa mnzanu amene mwabwera nayeyu, inu mudzagwira naye bwanji? Ndinakhala chete kanthawi, kenaka ndinati ndidzapitiriza pa sikelo monga kale, ndipo maganizo a mzere wa 7:45 ndi ndandanda ya ovataimu ndidzawapatsa iwowo ngati angawafune. Sindikudziwa ngati ndinakhoza.

Bambo Kamanga: Analemba?

Nabanda wa ku Kamwendo: Awiri analemba, mayiwo anangondiyang'ana. Ati zotsatira pakatha masabata awiri. Pobwerera tinakwera minibasi imodzi ndi achikulire aja, mpando umodzi. Sitinakambe za intaviyu mpaka pa Kamwendo. Anandigulira chimanga chootcha pa Msundwe, thiransipoti ndinawalipirira ine. Mawa tonse tili pa sikelo, kukubwera thiraki ya mtedza 7 koloko.

Aphunzitsi Naphiri: Nanga mnzanu wa K35,000 uja?

Nabanda wa ku Kamwendo: Wanditumizira uthenga kuti "zayenda bwanji abwana". Sindinamuyankhe.